Magetsi akathima, akabwera: zomwe zimaononga hadi disiki

Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, Malawi idataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kudafika posauzana. Pa nyengo ngati imeneyi kompyuta imavulala pawiri: magetsi akamathima ndiponso akamabwerera.

Mkati mwa hadi disiki muli timbale timene timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo pamwamba pake pamayenda kasingano kolemba ndi kuwerenga. Tiyerekeze shopu yotayipa makalata ku Limbe, pamene mwini wake akusunga fayilo ya kasitomala. Magetsi athima mwadzidzidzi. Zina zomwe amalemba zinali zisanafike pa disiki, choncho fayilo yatsala yoduka. Nthawi zina chimasokonekera ndi kaundula wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, ndipo mawa lake kompyuta imakana kuyaka bwino. Ngakhale SSD, yomwe ilibe timbale, imatha kusokonekera motere.

Ngozi yachiwiri imadza magetsi akamabwerera kapena mphezi ikagwa pafupi ndi mawaya. Mphamvu imalumpha kwa kanthawi kochepa kupitirira mavoloti 230 amene zipangizo zathu zidapangidwira, n'kutha kuotcha tizipangizo toyendetsa disiki. Disiki yotere siizunguliranso, ndipo mwina pamamveka fungo la kupsa. Ikamalira kuti ke-ke-ke, ithimitsidwe pomwepo n'kupita nayo kwa katswiri, chifukwa kuiyatsa mobwereza kungakande timbale.

Saji purotekita imathandiza pa ngozi yachiwiriyi yokha. Muli kachipangizo kotchedwa varisita, komwe kamapatutsa mphamvu yochuluka isanafike pa kompyuta. Kamatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse kakagwira ntchito, ndipo pa mitundu yambiri, nyali yosonyeza chitetezo ikazima, ndiye kuti yasanduka ekisitenshoni wamba. Pogula, munthu aone nambala ya majulo pa paketi, pakuti ikakula ndiye kuti imapirira zambiri. Soketi nayo ikhale ndi waya wa efi wolumikizidwa bwino.

Pa kuthima kwadzidzidzi pamafunika UPS, kabokosi ka batire. Ya 650VA imasunga kompyuta imodzi ya pa desiki kwa mphindi zochepa chabe, zokwanira kuthimitsa mwadongosolo. Ikayamba kulira, wa pa shopu uja asunge fayilo, atseke mapulogalamu, adine Start, kenako Power ndi Shut down, ndipo adikire mpaka nyali zonse zizime asanazule pulagi. Pulinta ya leza isalumikizidwe pa UPS, chifukwa imakoka mphamvu yoposa imene batire lingapereke.

Magetsi akabwera, ndi bwino kudikira mphindi zingapo kuti akhazikike. Mphezi zikamang'anima, pulagi izulidwe ndithu, popeza palibe saji purotekita yomwe ingapirire mphezi yogwa pa waya wolowa m'nyumba.