Nkhope Ina, Khosi Lina: Zomwe Zimasokoneza Zithunzi za Ukwati

Zithunzi za ukwati zikafika, abale sachedwa kuona cholakwika: nkhope ya mkwatibwi yafiira, koma khosi latuwa ngati wadzola phulusa. Mlandu umagwera amene anamupaka paudala. Nthawi zambiri wolakwa ndi kuwala, komanso wokonza chithunzi pa kompyuta amene wasamala nkhope yokha.

Kuwala kuli ndi mtundu wake, ndipo ojambula amauyeza m'makelivini. Babu lachikasu la m'nyumba limakhala pa 2700, dzuwa la masana pa 5500, pomwe mthunzi umafika 7000 n'kumapendekera ku buluu. Kamera ikasiyidwa pa Auto imangoyerekeza chomwe chili choyera. Khungu lakuda ndiye limavutika kwambiri, chifukwa limameza kuwala kochuluka kolowa mkati, ndipo kunyezimira kwa pamwamba ndiko kumaonekera. Kunyezimirako kumatenga mtundu wa zozungulira: tenti ya buluu imatuwitsa masaya, kapinga ndi magetsi a machubu zimabiriwitsa chibwano.

Vutoli ndi lakale. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkapatsa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lotchedwa Shirley, lokhala ndi mayi wachizungu. Khadi la amayi a makungu osiyana linabwera m'ma 1990.

Tiyerekeze mkwatibwi wajambulidwa pakhomo la tenti masana. Nkhope yalandira dzuwa, koma khosi lili mu mthunzi wa chibwano ndipo likuwalitsidwa ndi buluu wa tenti. Wojambula wodziwa ntchito amajambula mu RAW, ndipo amayamba wajambula khadi lotuwa pafupi ndi nkhope. Mu Lightroom amadina khadilo ndi White Balance Selector kuti chithunzi chonse chiwongoke. Diresi si lodalirika pa ntchitoyi, poti lina limapendekera ku kirimu, lina ku buluu.

Akatero ndipo amatsikira pakhosi. Amalizungulira ndi Brush, n'kukankhira Temp pang'onopang'ono ku chikasu mpaka kutuwa kutachoka. Ngati pali kubiriwira, amasuntha Tint kupita ku pinki. Nkhope ikakhala kuti yafiira ndi zodzola, amaifanizira ndi khungu la pachifuwa lomwe silinapakidwe kanthu, osati kukoka khosi kuti litsatire paudala.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: chofananitsa ndi mtundu, osati kuwala. Khosi limadera pang'ono mwachibadwa, ndipo kulikweza ndi Exposure kumafafaniza chibwano, munthu n'kusanduka woyererako kuposa momwe amake amamudziwira. Kumeneko si kukonza.

Zizindikiro za kupyola muyeso sizivuta kuona. Mano ndi zoyera za m'maso zikayamba chikasu, ndiye kuti Temp ya chithunzi chonse yakwera kwambiri. Mzere ukaoneka m'mphepete mwa nsagwada, Brush inali yakuthwa ndipo pafunika kuwonjezera Feather. Inu amene mukufuna wojambula, musanalipire dipoziti, pemphani zithunzi zomwe anajambula anthu akuda bii mu tenti, ndipo muyang'ane pakhosi.