Mzere umodzi, ulendo wonse wa minibasi

Minibasi ikanyamuka pasiteji, msana wanu umakanikizika kumpando. Ikafika pamsewu woongoka mumakhala phee ngati muli pakhonde, koma dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, nonse mumagwera kutsogolo. Zimene thupi limamvazi, a fizikisi amazijambula ndi mzere umodzi pa galafu ya liwiro ndi nthawi. Wodziwa kuwerenga mzerewo amapezamo zinthu ziwiri: mmene liwiro linkasinthira, ndi mtunda umene galimoto yayenda.

Galafuyi ili ndi mizere iwiri yoyezera. Wogona, wa pansi, umawerenga nthawi m'masekondi. Woimirira, wa kumanzere, umawerenga liwiro m'mamita pa sekondi. Tiyerekeze kuti minibasi yathu yanyamuka, ndipo m'masekondi 10 liwiro lakwera mofanana kuchoka pa 0 kufika pa mamita 20 pa sekondi, omwe ndi makilomita 72 pa ola. Yayenda pa liwiro lomwelo masekondi 30, kenako kondakitala wamenya chitseko, dalaivala n'kuimitsa galimoto m'masekondi 5. Mukajambula, mzere umakwera chitunda, n'kugona, n'kutsetsereka. Umafanana ndi mzere wa m'munda mukauyang'ana kumapeto kwake.

Tiyambe ndi chitundacho. Kupendekeka kwa mzere ndiko kumasonyeza akiselareshoni, kutanthauza liwiro limene likuwonjezeka pa sekondi iliyonse. Mumatenga kusintha kwa liwiro n'kugawa ndi nthawi imene kusinthako kwatenga. Apa ndi 20 kugawa ndi 10, yankho 2. Sekondi iliyonse minibasi imawonjezera mamita 2 pa sekondi: yoyamba ikatha ili pa 2, yachiwiri pa 4, yachitatu pa 6. M'mabuku amalemba 2 m/s². Poima, liwiro lachoka pa 20 kufika pa 0 m'masekondi 5, ndiye yankho ndi −4 m/s². Kachizindikiro kochotsera kakunena kuti liwiro likuchepa, ndipo 4 yoposa 2 ija ndiyo yakugwetserani kutsogolo. N'chifukwa chake mtsetse wa kumapeto ndi wophedi kuposa chitunda cha poyamba.

Pamene mzere wagona m'pamene ambiri amapunthwa. Amati galimoto yaima. Ayi ndithu. Mzerewo wagona pamwamba, pa 20, choncho minibasi ikuthamanga, kungoti liwiro silikusintha ndipo akiselareshoni ndi 0. Chisokonezo chimachokera ku galafu ina, ya mtunda ndi nthawi, momwe mzere wogona umatanthauzadi kuima. Musanawerenge chilichonse, onani kaye zimene zalembedwa pa mzere woimirira.

Nanga mtunda? Wabisala m'malo a pansi pa mzere. Chifukwa chake n'chosavuta. Woyenda mamita 20 pa sekondi kwa masekondi 30 wayenda 20 kuchulukitsa ndi 30, mamita 600. Koma pa galafu 20 ndi msinkhu wa bokosi la pakati, 30 ndi m'litali mwake, ndipo kuchulukitsa ziwirizi ndiko kupeza kukula kwa bokosilo. Zigawo za m'mbali zili ndi ngodya zitatu, ndipo chilichonse ndi theka la bokosi, popeza minibasi sinali pa 20 nthawi yonseyo. Ponyamuka ndi theka la 10 kuchulukitsa ndi 20, mamita 100. Poima ndi theka la 5 kuchulukitsa ndi 20, mamita 50. Kuphatikiza zonse, ulendo wa masekondi 45 watenga mamita 750.

Wina akhoza kufulumira, n'kuchulukitsa 20 ndi 45, n'kupeza 900. Yankho lotere limadzigwira lokha, chifukwa likunena kuti minibasi inali pa liwiro lake lalikulu kuyambira pasiteji mpaka poima. Winanso amachulukitsa 72 ndi masekondi, kuiwala kuti 72 ndi makilomita pa ola. Gawani kaye ndi 3.6 kuti mupeze mamita pa sekondi. Mzere ukakhala wokhota, monga zimakhalira pamsewu weniweni, werengani timabokosi ta papepala la galafu tomwe tili pansi pake, ndipo yankho lidzakhala longoyandikira.

Kachigawo ka kumapeto kaja kali ndi phunziro la pamsewu. Minibasi yomweyo, mabuleki omwewo, ikanakhala pa mamita 10 pa sekondi, ikanaima m'masekondi 2.5, itayenda mamita 12.5 okha. Pa 20 yafuna mamita 50. Liwiro lawirikiza kawiri, koma mtunda woimira wawirikiza kanayi, chifukwa msinkhu ndi tsinde la kachigawoko zakula limodzi. Mbuzi ikadumphira mumsewu pa mamita 30, dalaivala woyamba aimira patali, wachiwiri aiomba.