Nyale yolendewera: yezerani kuchokera pa tebulo, osati kudenga

M'nyumba zambiri zomangidwa masiku ano, babu la pabalaza kapena podyera silikhalanso lomatirira kusiling'i. Anthu akugula nyale zolendewera pa nthambo kapena pa tcheni, zokhala ndi chisoti cha chitsulo, cha galasi kapena cholukidwa ndi nsungwi. Kugula sikuvuta. Nkhani imakula tsiku lopachika, wamagetsi ali pa makwerero n'kufunsa kuti, "Ndiitsitse mpaka pati, bwana?" Ambiri amangoyang'ana kudenga n'kuyankha mwa maso. Koma yankho lili pansi, pa tebulo, ndipo limapezeka ndi tepi yoyezera.

Muyezo womwe okonza nyumba amayendera ndi uwu: kuchokera pamwamba pa tebulo kufika kunsi kwenikweni kwa chisoti cha nyale pakhale masentimita 75 mpaka 90. Muyezowu ndi wa chipinda chomwe siling'i yake ili mamita 2.4 kuchokera pansi. Siling'i ikakhala yotalikirapo, nyale imakwezedwa ndi masentimita 7 kapena 8 pa masentimita 30 aliwonse owonjezera, kuti isaoneke ngati yagwa.

Chifukwa cha muyezowu ndi maso a anthu odya. Tebulo wamba limatalika masentimita 75, ndipo munthu wamkulu akakhala pampando maso ake amakhala masentimita 40 mpaka 50 pamwamba pa tebulolo. Nyale ikatsika kwambiri imatchinga nkhope ya amene mwakhala moyang'anizana naye, ndipo woimirira kuti apakule ndiwo amagunda chisoti ndi mphumi. Ikakwera kwambiri, babu limaonekera pansi pa chisoti n'kumathobwa anthu m'maso, kuwala n'kumwazikira kumakoma m'malo mogwera pa mbale. Kuwala kumachepa msanga kuposa mmene ambiri amaganizira: mukachulukitsa kawiri mtunda wa pakati pa babu ndi tebulo, kuwala kofika pa tebulo kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake ena amagula babu lamphamvu koma nsima n'kumadyabe mu kachisisira.

Tiyeni tiwerengere chipinda chimodzi. Siling'i yake ili mamita 2.7, ndiye kuti masentimita 270. Tebulo ndi la anthu asanu ndi mmodzi, lotalika masentimita 75 kuchokera pansi, masentimita 180 m'litali ndi 90 m'lifupi. Nyale yogulidwayo chisoti chake ndi masentimita 30 kuchokera pamwamba kufika kunsi. Popeza siling'i yaposa ndi masentimita 30, mpata wa pakati pa tebulo ndi nyale uyenera kugwera pakati pa 82 ndi 97. Titenge 85. Tikaphatikiza 75 ndi 85, kunsi kwa chisoti kudzakhala masentimita 160 kuchokera pansi. Tikachotsa 160 pa 270, patsala 110, womwe ndi utali wa nyale yonse kuchokera kusiling'i. Tikachotsanso 30 wa chisoti, patsala masentimita 80 a nthambo pamodzi ndi kambale kophimba mawaya kusiling'i kaja.

Nambalayi musayambe mwaidulira nthambo. Yesani kaye. Wina akwere pa makwerero agwirize nyaleyo pa utali umenewo, anthu awiri akhale moyang'anizana pa tebulo, wamtali ndi wamfupi m'banjamo. Onse azionana nkhope popanda kuwerama, ndipo aliyense asaone babu lenilenilo. Kenaka aimirire ngati akufikira mbale ya pakati. Ngati mutu ukukhudza chisoti, ikwezeni ndi masentimita asanu. Ngati babu likuoneka, itsitseni pang'ono. Nthambo yotsala ndi bwino kuipinda m'kambale kakusiling'i ngati muli malo, chifukwa yodulidwa mopitirira siikhalanso yolumikiza, imafunika kusintha yonse.

Kukula kwa chisoti nakonso kumasintha zinthu. Chisoti chikhale theka kapena magawo awiri mwa atatu a mulifupi mwa tebulo. Pa tebulo la masentimita 90, ndiye kuti chisoti cha masentimita 45 mpaka 60. Chachikulu kuposa pamenepo chimayandikira mitu ya anthu akamadzuka. Chisoti cha chitsulo chimaponya kuwala konse pansi, choncho chimafuna kutsikirako. Cha galasi loonekera mkati sichibisa babu, ndiye ndi bwino kuikamo babu loyera ngati mkaka, lomwe silibaya m'maso.

Kukhichini muyezo ndi womwewo, koma anthu ake amakhala chiimire. Kauntala imatalika masentimita 90, ndiye mpata wa 80 uika kunsi kwa nyale pa masentimita 170 kuchokera pansi, pamwamba pang'ono pa maso a anthu ambiri. Ngati wophika ndi wamtali, tengani 90. Nyale ikhale pamwamba pa kauntala penipeni, osati kumbuyo kwa munthu, chifukwa ikakhala kumbuyo, wodula anyezi amadzitchinga yekha ndipo mpeni umayenda mu mthunzi. Pa kauntala yaitali nyale zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu zimagwira bwino kuposa imodzi. Zitalikirane masentimita 60 mpaka 75 kuchokera pakati pa ina kufika pakati pa inzake, ndipo zakumapeto zilowe mkati ndi masentimita osachepera 15 kuchokera m'mphepete. Pamwamba pa chitofu musapachikepo nyale yotere: nthunzi ndi mafuta zimadetsa chisoti, kutentha n'kuumitsa nthambo.

Vuto lina lofala ndi loti waya anatulukira pakati pa chipinda pomwe tebulo lili chakukhoma. Nyale ikatsitsidwa pamenepo imalendewera pa njira, ndipo pomwe pamadutsa anthu pamafunika mpata wa mamita 2.1 kuchokera pansi. Nyale iyenera kutsata pakati pa tebulo. Njira yosavuta ndi kukhoma mbedza kusiling'i molunjika pakati pa tebulo, nthambo yaitali n'kudutsa pa mbedzayo. Kuti mupeze malowo, mangirirani mtedza wa bawuti kapena kamwala ku chingwe, muchilendeweretse mpaka chiloze pakati. Ngati tebulo limasunthidwa kukabwera alendo, ganizani kawiri musanatsitse nyale.

Mbedza kapena kambale ka nyale kazikhomedwa pa thabwa lomwe lili kuseri kwa siling'i, chifukwa bolodi ya siling'i payokha siinyamula katundu ndipo sikuluwu imazuka pang'onopang'ono. Mng'alu wozungulira kambale, kapena kambale kopendekeka, ndi chizindikiro choti kagwira bolodi yokha. M'nyumba yopanda siling'i, nyale ipachikidwe pa phaso, nthambo isakhudze malata. Nyale yolemera ilendewere pa tcheni, ndipo ngakhale yopepuka, kulemera kwake kugwere pa kogwirira nthambo, osati pa timasikuluwu tomangira mawaya. Chisoti cha chitsulo chomwe chili ndi polumikizira waya wa pansi, wobiriwira ndi chikasu uja, chilumikizidwe ndithu.

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mphamvu ya mavoti 230, ndipo amapha. Kuzimitsa swichi ya pakhoma sikokwanira, chifukwa mawaya ena kusiling'i amakhalabe ndi moto. Zimitsani pa meni swichi, ndipo musadalire kuti magetsi athima dera lonse, poti amabwera osaodira. Kulumikiza mawaya musiyireni wamagetsi wodziwa ntchito. Inu gawo lanu ndi kumuuza nambala ziwiri asanakwere: mpata wa pakati pa tebulo ndi chisoti, ndi malo enieni pomwe tebulo lizikhala.