Kalulu ndi Fisi pa Zithunzi Zoyenda: Kagawidwe ka Nthano

Wokamba nthano pabwalo angonena kuti, "Fisi anali ndi njala," ana nayankha kuti, "Tili tonse." Koma wolemba sewero la zithunzi zojambula zoyenda sangathe kutero, pakuti iye ayenera kulemba chimene maso adzaona. Filimu ionetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo ojambula ambiri aonetsa chojambula chilichonse kawiri. Kotero sekondi ifuna zojambula 12, ndipo nthano ya mphindi ziwiri ingafune zojambula 1,440. Tsono tiyeni tiyese ndi nthano ija ya thanthwe.

Chigawo choyamba, masekondi 20. Fisi ayenda m'dambo louma, nthiti zili poyera. Atola fupa lakale, aliluma, nalitaya. Pano pasakhale mawu.

Chigawo chachiwiri, masekondi 25. Kalulu ausa pansi pa thanthwe lopendekeka. Mthunzi wa Fisi umphimba, ndipo pothawira palibe. Fisi ati, "Lero ndiwe ndiwo zanga!"

Chigawo chachitatu, masekondi 45, ndicho mutu wa ntchito yonse. Kalulu ayang'ana kumwamba, akankha thanthwe ndi manja, nafuula: "Malume, gwirani thanthweli, litigwera tonse!" Apa wolemba alamule kuti chithunzi chionetse chimene Fisi aona: mphepete mwa thanthwe, ndi mitambo ilikuyenda pamwamba pake. Munthu akayang'ana chotero, thanthwe lioneka ngati ndilo likusuntha. Ophunzira anga ambiri adumpha chithunzi chimenechi, ndipo Fisi wao angosanduka chitsiru chokhulupirira zilizonse. Ine ndiyesa kuti kumeneko ndi kumlanda Kalulu ulemu wake, popeza kunyenga chitsiru si nzeru ayi. Woonerera nayenso akayike pang'ono. Pamenepo Fisi agwira thanthwe, ndipo Kalulu ati, "Limbikani, Malume, ndikadule mzati." Onani kuti Kalulu anena "inu" pamene Fisi anena "iwe", ulemuwo ndi nyambo.

Chigawo chachinayi, masekondi 30. Dzuwa lilowa, mwezi utuluka, Fisi ali chigwirire. Chigawo ichi nchopepuka, pakuti chojambula chimodzi cha Fisi chikwanira, kumwamba kokha kukasintha. Potsiriza miyendo yake injenjemera. Alumpha, nabisa mutu, koma thanthwe lili chilili.

Mayesedwe ake ndi awa. Werengani mawu mokweza muli ndi wotchi m'manja. Akapitirira masekondi a chigawo chake, dulani mawuwo, musafulumize wolankhula. Pambuyo pake jambulani chithunzi chimodzi kapena ziwiri za chigawo chilichonse, muphimbe mawu onse, ndi kuonetsa ana a sukulu. Afunseni chifukwa chake Fisi anamleka Kalulu. Akayankha kuti, "Anaopa thanthwe," chigawo chachitatu chakhoza. Akati, "Kaya," bwererani ku mitambo ija.