Thumba la mpunga lisanenepe pa chikwangwani

Chikolorereni mpunga chaka chino, zikwangwani za nsalu zachuluka m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa. Ogulitsa ambiri amabwera ndi chithunzi cha pa foni chofanana mbali zonse zinayi, pomwe chikwangwani chimafuna chithunzi chachitali chopingasa. Osindikiza ena amangochikoka m'mbali, ndipo thumba limatuluka lonenepa, zilembo zake zitaphwatalala.

M'kashopu kena kosindikiza pa Boma la Nkhotakota tinapeza mnyamata akugwira ntchito ya mayi wina wogulitsa mpunga wa Kilombero. Chithunzi cha mayiwo chinali cha mapikiselo 1080 mbali zonse: thumba la makilogalamu 5 lili pa mphasa, kumbuyo mchenga ndi nyanja, mthunzi ukugwera kumanja. Iwo amafuna chikwangwani cha mamita 3 mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Pamenepo pamafunika mapikiselo 3240 chopingasa, ndiye kuti 2160 akusowa. Magawo awiri mwa atatu a chikwangwanicho kamera sinawaone.

Njira yodzazira malo osowawo imatchedwa outpainting, ndipo pa mapulogalamu ena batani lake limalembedwa Generative Expand, pa ena Magic Expand. Makina amayang'ana m'mphepete mwa chithunzi n'kupeka zomwe zikanapitirira. Mnyamatayu sanayambe ndi batanilo. Anayamba wadula thumba ndi mthunzi wake, n'kulisunga palokha. Kenako anakulitsa bwalo la chithunzi, kusiya malo opanda kanthu a mapikiselo 540 kumanzere ndi 1620 kumanja, kumene kudzalembedwe mtengo ndi nambala ya foni.

Sanadzaze zonse nthawi imodzi. Amawonjezera mapikiselo pafupifupi 300, kuyang'anitsitsa, kenako enanso, ndipo posankha malo odzaza amalowetsako pang'ono mchenga weniweni kuti msoko usaoneke. Anafotokoza kuti makina akapatsidwa malo aakulu amasowa chotsanzira, ndiye amabwereza chinthu chooneka kwambiri pachithunzi. M'bokosi la malangizo analembamo za mchenga, madzi abata ndi thambo basi. Mawu oti mpunga kapena thumba anawapewa dala, poti kuwatchula n'kuitana thumba lina.

Ngakhale anasamala chonchi, ulendo wina thumba lachiwiri linatulukira kumanja, ndipo mkangano unayambira pomwepo. Mayiwo analikonda. Amati matumba awiri akuonetsa kuti katundu alipo wambiri, ndipo kunyumba ali nawo oposa pamenepo, ndiye bodza lili pati? Mnyamatayo anakulitsa chithunzi kuti aone bwino. Zilembo za pa thumba lopekalo sizimawerengeka, nambala 5 inali itapindika, msoko wa pakamwa unali wachilendo, ndipo mthunzi wake umagwera kumanzere. Anawauza mwaulemu kuti wogula akaimika galimoto amafuna thumba lomwe waliona, ndipo limenelo iwo sanalisokepo. Mayiwo anayankha kuti nyanja yowonjezerayo nayonso ndi yopeka, bwanji iyo akuilola?

Funsoli ndi lomveka, koma mnyamatayu ali ndi mfundo. Mchenga ndi thambo palibe akuzigula. Thumba, kulemera kwake ndi dzina lake ndi zomwe munthu akulipirira, ndipo zimenezo ziyenera kuchokera ku kamera. Anagwirizana kuti ngati mayiwo akufuna matumba ambiri, akawajambule enieni, ataima patali pang'ono ndi foni yogonekedwa chopingasa. Pa chikwangwani ichi thumba lopekalo linafufutidwa.

Atamaliza kudzaza, anabwezera thumba lenileni lija pamwamba, chifukwa mapulogalamu ena amakonzanso chithunzi chonse ndipo zilembo zimasintha pang'ono munthu osazindikira. Anayeza chizindikiro chozungulira cha pa thumba, napeza kuti mulitali ndi mulifupi n'zofanana, umboni woti silinakokedwe. Anatsatiranso mzere umene nyanja imakumana ndi thambo, popeza pamsoko umakonda kuthyoka, ndipo anakonza mabango a mphasa omwe anasungunukira mumchenga.

Chotsala chinali kukula. Mapikiselo 3240 pa masentimita 300 ndi pafupifupi 11 pa sentimita iliyonse, okwanira woona ali mu minibasi koma osakwanira woima pafupi. Choncho anakulitsa chithunzi chonse kawiri, mulitali ndi mulifupi mofanana, n'kusindikiza kachidutswa ka dzina la mpunga pa pepala kuti aone ngati likuwerengeka.

Ogulitsa usipa nawo ayamba kubwera ndi zithunzi zawo. Zawo zimavuta kuposa za mpunga, chifukwa nsomba zimafika mpaka m'mphepete mwa chithunzi, ndipo makina akamapitiriza thandala amapeka usipa wina wopanda maso, wina wa michira iwiri.