Tchaja ya laputopu yofuna kupinda chingwe: chaduka n'chiyani m'kati?

Tchaja ya laputopu imene imalowetsa moto pokhapokha mwini wake atapinda chingwe, kuchitsamiritsa pabuku kapena kuchimanga ndi mphira, imakhala itathyoka kale penapake. Kupindako kumangokankha mbali ziwiri za chothyokacho kuti zikhudzane kwa kanthawi, ndipo tsiku lililonse limene tchaja yagwira ntchito motero, vutolo limakula.

Kwa munthu wokhala ku Chinsapo mu mzinda wa Lilongwe, chingwechi chimaona zambiri. Magetsi a Escom akathima, laputopu imalowa m'chikwama kupita kwa mnansi, kutchalitchi kapena kuntchito m'tauni, tchaja itakulungidwa mothina pakabokosi kake. M'nyumba zimene soketi ili imodzi pabalaza, chingwe chimakhala chokokeka mpaka pabedi. Kukulunga ndi kukoka kumeneku ndi kumene kumathyola mawaya.

Magetsi a m'nyumba muno m'Malawi ndi a mavoliti 230. Kabokosi kakuda ka pakati pa tchaja kamawatsitsa ndi kuwasandutsa a mtundu umene batire imalandira. Patchaja zambiri za HP ndi Dell pamalembedwa 19.5V, pa za Lenovo 20V, pamene zambiri za Acer ndi Asus ndi za 19V. Kuchokera m'kabokosimo, moto umadutsa m'chingwe chopyapyala chopita kulaputopu, ndipo vuto lambiri limabadwira m'menemo.

Ngakhale chimaoneka ngati waya mmodzi, chingwechi chili ndi njira ziwiri za moto. Pakati pali mtolo wa timawaya tamkuwa tating'ono ngati tsitsi, tokutidwa ndi pulasitiki. Kunja kwa pulasitikiyo kwazungulira timawaya tina timene timabweza moto, kenako chikopa chakuda chooneka ndi maso. Mkuwa ukamapindidwa malo amodzimodzi mobwerezabwereza umauma n'kuthyoka, monga amathyolera waya ana opanga magalimoto amawaya. Timawayato timaduka kamodzikamodzi, kawirikawiri pamene chingwe chatulukira m'kabokosi kapena kuseri kwenikweni kwa kamutu kolowa mulaputopu, chifukwa pamenepo chofewa chakumana ndi cholimba. Chikopa chakunja chimatha kukhala chosalala pamene m'kati mwatsala timawaya tiwiri kapena titatu.

Malo ena ofooka ndi kabowo ka palaputopu pamene kamutu kamalowa. M'kati mwake muli tizitsulo tofinya kamutuko, ndipo m'malaputopu ena kabowoko kanawotchereredwa pabodi yaikulu ya makinawo. Munthu akapunthwa pachingwe, kapena laputopu ikamagwiritsidwa ntchito pamiyendo kamutu katatsamira pantchafu, tizitsuloto timatanuka kapena powotchererapo pamang'aluka. Fumbi la m'misewu ya Chinsapo m'nyengo ya chilimwe nalo limadzaza m'kabowomo n'kulepheretsa kamutu kufika pamapeto.

Kusiyanitsa mavutowa sikulira chipangizo. Mwachitsanzo, laputopu ya HP yokhala ndi tchaja ya kamutu kabuluu, yolembedwa 19.5V, 3.33A ndi 65W, imene kanyali kake kamayaka ndi kuzima. Mwini wake agwire kamutu molimba kuti kasagwedezeke m'kabowo, ndipo ndi dzanja linalo azipinda chingwe pang'onopang'ono kuyambira kuseri kwa kamutu mpaka kukabokosi. Kanyali kakaphethira pofika malo ena ake, chingwe chaduka pamenepo. Ngati sikaphethira, asiye chingwe chili phee n'kugwedeza kamutu kokha. Kuphethira kwa apa kumaloza kabowo kapena kamutu kamene kadyeka. Umboni womaliza ndi kubwereka tchaja ya mnzake yolembedwa manambala omwewo komanso ya kamutu kofanana. Vuto likapitirira ndi tchaja yabwinoyo, ndiye kuti lili palaputopu, ndipo kugula tchaja yatsopano kungakhale kutaya ndalama.

Chingwe chochokera kukhoma nachonso chiyesedwe, chifukwa nthawi zina chimangokhala chitakhwepa pamene chalowera m'kabokosi. Chimenechi chimazuka ndipo chimagulitsidwa pachokha.

Pali chizindikiro china chofunika kuchiopa. Pa tchaja zokhala ndi kanyali kawokawo, ngati kanyaliko kazima chingwe chikapindidwa ndipo sikayakanso mpaka pulagi itazulidwa kukhoma n'kubwezedwa, ndiye kuti pulasitiki ya m'kati yang'ambika ndipo njira ziwiri zija zikukhudzana. Kabokosi kamadzithimitsa kokha pofuna kudziteteza. Tchaja yotere siyenera kulumikizidwanso kulaputopu.

Tchaja zambiri za HP ndi Dell zili ndi waya wachitatu, wopita kukasingano ka pakati pa kamutu, umene laputopu imadziwira mphamvu ya tchaja. Wayayu ndi wowonda kuposa anzake ndipo amatha kuduka yekha. Zikatero laputopu imayaka koma batire sidzaza, kapena makinawo amayamba kuchedwa. Ya Dell imachenjeza poyatsa kuti siikuizindikira tchajayo.

Amisiri okonza zipangizo amayeza ndi mita ya magetsi, koma nayo imatha kunamiza. Mita imakoka moto wochepa kwambiri, motero ngakhale patatsala kawaya kamodzi imaonetsabe 19.5V. Laputopu, imene imatha kukoka mpaka maampu 3.33, ndiyo imaulula kufookako. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayeza uku akupinda chingwe, ndipo amasamala kuti nsonga ya mita isalumikize kasingano kapakati ndi khoma la m'kati la kamutu.

Kupitiriza kupinda chingwe kuli ndi mtengo wake. Moto wonse umene umayenera kugawana timawaya tambiri umapanikizana pa tochepa totsalato, ndipo pamenepo pamatentha. Pachitsanzo cha HP chija, ngati pothyokapo pakukaniza moto ndi theka chabe la omu, kutentha kwake kumawerengedwa chonchi:

```
3.33 × 3.33 × 0.5 = 5.5 W
```

Mawati asanu ndi theka pa malo aang'ono ngati njere ya mpunga ndi okwanira kufewetsa pulasitiki. Pakamamveka fungo la mphira wopserera, kapena kamutu kakamatentha kosagwirika, nthawi yatha. Moto wodukaduka umathethekanso m'kabowo n'kudetsa tizitsulo tija, motero vuto loyambira pachingwe limatha kuononga ndi laputopu yomwe. Tchaja yotere sisiyidwa pamatiresi kapena pasofa usiku anthu akugona.

Kukonza kumatengera pamene pathyoka. Ngati ndi kuseri kwa kamutu, mmisiri amadula chigawo chowonongekacho n'kuwotcherera kamutu kena kokhala ndi chingwe chake, waya uliwonse utakutidwa pawokha. Kungopota mawaya ndi zala n'kumata selotepi kumabweretsanso kutentha komweko. Ngati ndi pafupi ndi kabokosi, pamafunika kukatsegula, ndipo imeneyi si ntchito ya kunyumba: m'katimo muli kapasita imene imasunga mavoliti oposa 300 kwa kanthawi ngakhale pulagi itazulidwa. Ngati ndi kabowo, malaputopu ambiri ali ndi kabowo kokhala ndi kawaya kake kongozula n'kuikapo kena, pamene kowotcherera pabodi kamafuna mmisiri waluso.

Wogula tchaja ina m'masitolo a m'tauni kapena mumsika waukulu wa Lilongwe atenge yakale ija kuti afananitse. Mavoliti akhale ofanana, kamutu kakhale komweko, ndipo maampu afanane kapena apose a yakaleyo, osati kuchepera. Yatsopanoyo ikamalowa m'chikwama, chingwe chikulungidwe momasuka, kusiya kampata ka zala zitatu pamene chatulukira m'kabokosi, ndipo pozula agwire kamutu, osati chingwe.