Digokisini: Kam'bulu Kakang'ono Kosafuna Chibwana

Tiyerekeze za agogo a zaka 70 amene mtima wawo wafooka. Miyendo yatupa, akagona chagada mpweya umawathera, ndipo mtima umagunda mothamanga mopanda dongosolo. Kuchipatala awapatsa mankhwala awiri: digokisini, kam'bulu kamodzi ka mamiligalamu 0.125 patsiku, ndi furosemaidi, amene ambiri amangowatchula kuti mankhwala okodzetsa. Pakutha milungu ingapo miyendo yaphwa, agogo ayambanso kupita kutchalitchi.

Kenako m'dzinja adwala m'mimba, kutsekula masiku atatu. Kutsekulako kwasiya, koma nsima sakuifuna, nseru ili tsiku lonse, akusanza. Akayang'ana nyali akuona mkombero wachikasu kuizungulira, ndipo ayamba kusokoneza mayina a zidzukulu. Abale akuti ndi malungo, ena akuti ndi ukalamba basi. Mlingo wa mankhwala sanaphonye ngakhale tsiku limodzi, sanawonjezerenso. Komabe kam'bulu komwe kanawadzutsa kaja ndi kamene kakuwadwalitsa.

Digokisini amachokera ku masamba a duwa la ku Ulaya lotchedwa dijitalisi. Dokotala wa ku Mangalande, William Withering, analemba buku mu 1785 lofotokoza mmene masambawa amaphwetsera anthu otupa thupi, ndipo ngakhale iyeyo anaona kuti akachuluka munthu amasanza, maso amaona zachikasu, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono. Vutoli ndi lakalekale.

Mnofu wa mtima unapangidwa ndi maselo, ndipo pakhoma la selo lililonse pali timapampu totulutsa mchere wa sodiyamu n'kulowetsa wa potaziyamu. Digokisini amakakhala pa timapamputo n'kutifooketsa. Sodiyamu akachuluka m'kati, kashiamu nayenso amachuluka, ndipo kashiamuyo ndi amene amachititsa kuti mnofu ufinye mwamphamvu. Mankhwalawa amachepetsanso liwiro la uthenga wochoka m'zipinda zam'mwamba za mtima kupita m'zam'munsi, motero mtima wothamanga uja umadekha. Timapampu tochepa tikafooka, wodwala amapeza bwino. Tikafooka tambiri, mtima umayamba kugunda mwachisawawa, mwinanso kuima kumene.

Malire ake ndi opyapyala zedi. Kwa wodwala mtima wofooka, madokotala amafuna mananogalamu pakati pa 0.5 ndi 0.9 pa mililita imodzi ya magazi. Akapitirira 2, ngozi yayandikira. Thupi nalo silichotsa mankhwalawa msanga. Impso zabwinobwino zimatenga tsiku limodzi ndi theka kapena masiku awiri kuti zichotse theka lake lokha, ndipo impso zofooka zimatha kutenga masiku anayi kapena asanu. Agogo aja atataya madzi potsekula m'mimba, impso zinachepa mphamvu, ndiye kam'bulu ka lero kanali kupeza ka dzulo ndi ka dzana kasanachoke.

Nanga potaziyamu akubwera pati? Iye ndi digokisini amalimbirana malo pa kapampu kaja, ngati anthu awiri olimbirana mpando umodzi m'minibasi. Potaziyamu akakhala wokwanira m'magazi, kutanthauza mamilimolo 3.5 mpaka 5.0 pa lita, amatenga mipando yambiri, digokisini n'kupeza yochepa. Akatsika, mipando imatsala yopanda munthu, ndipo digokisini yemwe uja, wosawonjezeredwa n'komwe, amakhala paliponse. N'chifukwa chake munthu amatha kudwala nawo mankhwalawa pamene zotsatira za kulabu zikuonetsa mlingo wooneka wabwinobwino. Kuwonjezera apo, potaziyamu wochepa payekha amasokoneza kale kagundidwe ka mtima.

Chowawa n'chakuti wotaya potaziyamuyo nthawi zambiri amakhala mnzake wa digokisini wa m'kapepala kamodzi ka mankhwala. Furosemaidi amatulutsa madzi, koma potaziyamu amapita nawo limodzi mumkodzo. Kutsekula ndi kusanza kumatayanso wina, ndipo wosadya sabwezeretsa.

Agogo otere akafika kuchipatala, namwino amawerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, chifukwa kukatsika pansi pa 60 mankhwalawa sapatsidwa dokotala asanaone. Amayeza potaziyamu, magineziyamu ndi mphamvu ya impso, n'kujambula kagundidwe ka mtima. Magazi oyezera digokisini amatengedwa patapita maola osachepera 6 chimwereni mankhwala, apo ayi nambala imakwera monamiza. Nthawi zambiri kuimitsa mankhwalawo ndi kubwezeretsa madzi ndi potaziyamu mosamala kumakwanira. Zikafika poopsa pali mankhwala obaya omanga digokisini m'magazi, koma ndi okwera mtengo kwambiri.

Izi sizikutanthauza kuti mukagule mapiritsi a potaziyamu panokha. Wochuluka nayenso amaimitsa mtima, makamaka kwa wodwala impso kapena amene akumwa sipironolakitoni. Mukaiwala kumwa digokisini tsiku lina, musamwe awiri mawa lake. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli wakumwa mankhwalawa amene wayamba kukana chakudya, kusanza kapena kuona zachikasu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo asanamwe kam'bulu kena, mutanyamula buku lake lakuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa.